Kugula galimoto ku Mangalande n'cholinga chodzaitumiza ku Malawi: ndondomeko yoyenera kutsata

Amalawi ambiri amene akugwira ntchito ku Mangalande, makamaka anamwino ndi osamalira okalamba, amagula galimoto chifukwa choti ntchito yawo siyenda popanda galimoto, ndipo ganizo lodzaitumiza kumudzi limabwera pambuyo pake, galimotoyo itagulidwa kale. Mavuto ambiri amayambira pamenepo. Galimoto imene mudzapite nayo ku Malawi iyenera kusankhidwa moganizira misewu ya kwathu, amakaniko a kwathu ndi malamulo a MRA kuyambira tsiku limene mukuigula, chifukwa zinthu zimene zidzachititse kuti msonkho ukhale wochepa kapena wochuluka, monga zaka za galimotoyo, kukula kwa injini yake ndi dzina limene lili pa zikalata, sizingasinthidwenso pa tsiku lokweza galimoto m'sitima. Chimodzi chokha ndi chimene sichivuta: ku Mangalande amayenda kumanzere kwa msewu ngati kwathu, choncho chiwongolero chili kumanja monga tinazolowera.

Choyamba: dziwani ngati mudzabwerera kukakhazikika kapena mudzangotumiza galimoto

Funsoli liyenera kuyankhidwa musanayambe n'komwe kuyang'ana magalimoto. Malamulo a kasitomu ku Malawi amalola munthu amene wakhala kunja ndipo akubwerera kudzakhazikika kuti alowetse katundu wake, kuphatikizapo galimoto, osalipira msonkho, koma pali zoyenera kukwaniritsa. Chachikulu n'chakuti galimotoyo ikhale kuti inali yanu ndipo munkaigwiritsa ntchito kwa miyezi yosachepera 12 isanatumizidwe kapena inu musanafike. Iyeneranso kufika pafupi ndi nthawi imene inu mwabwerera, ndipo simuloledwa kuigulitsa, kuibwereketsa kapena kupatsa munthu wina kwa nthawi yoikika popanda kulipira msonkho umene unakhululukidwawo. Munthu amene wangobwera kutchuthi kudzaona makolo n'kubwerera kuntchito sawerengedwa m'gululi, ndipo amene watumizira mchimwene wake galimoto iye ali kunja amalipira msonkho wonse.

Malamulo a msonkho amatha kusintha nduna ya zachuma ikapereka bajeti, choncho lemberani a MRA kawiri: musanagule, komanso miyezi ingapo musanatumize. Funsani zikalata zimene adzafune ndipo sungani yankho lawo lolembedwa. Musadalire zimene mnzanu anakumana nazo zaka zisanu zapitazo, ngakhale atakhala munthu wokhulupirika.

Ngati mudzalipira msonkho, dziwani kuti umakhala wa mitundu itatu: msonkho wolowetsera katundu m'dziko, msonkho wa ekisaizi ndi VAT. Umene umapweteka kwambiri ndi wa ekisaizi, chifukwa umakwera injini ikakhala yaikulu komanso galimoto ikakhala yakale, ndipo kwa nthawi yaitali malire ake akhala pa zaka 8 ndi zaka 12. Zakazo zimawerengedwa pa nthawi imene galimoto ikulowa m'dziko, osati pa tsiku limene munaigula. A MRA alinso ndi njira zawo zowerengera msonkho wa magalimoto ogwiritsidwapo ntchito, kotero kuti lisiti yosonyeza kuti munagula motchipa siichititsa kuti msonkho utsike.

Chachiwiri: sankhani galimoto imene makaniko wa kwathu angaikonze

Apa m'pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Magalimoto ang'onoang'ono ochuluka m'misewu ya ku Malawi anachokera ku Japan, ndipo zipangizo zimene zimapezeka mosavuta m'mashopu a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ndi za magalimoto amenewo. Ena mwa magalimotowa amapezekanso ku Mangalande ndi mayina ena: Honda Jazz ndi imene timaitcha Fit, Toyota Yaris ndi Vitz, Mazda2 ndi Demio, ndipo Nissan Qashqai yoyambirira ndi Dualis. Komabe kufanana kwa thupi sikutanthauza kufanana kwa injini. Ma RAV4 ambiri amene anagulitsidwa ku Mangalande zaka zapitazo ndi a dizilo, pamene amene anabwera kwathu kuchokera ku Japan ndi a petulo, ndipo X-Trail ya dizilo ya ku Ulaya ili ndi injini ya Renault imene makaniko ambiri a kwathu sanaitsegulepo. Musanapereke ndalama, tumizani nambala ya chasisi ndi dzina la injini kwa makaniko amene mudzamugwiritse ntchito kumudzi, mumufunse ngati mafyuluta, mabuleki, mashoko ndi pampu ya madzi za galimotoyo zimapezeka popanda kuitanitsa kunja.

Malangizo anga ndi akuti mugule ya petulo, pokhapokha ngati mukufuna galimoto yonyamula katundu monga Hilux kapena Ranger, imene zipangizo zake zimabwera mosavuta kuchokera ku South Africa. Magalimoto a dizilo a masiku ano a ku Ulaya ali ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga mtunda wautali osaima. Galimoto yongoyenda pang'onopang'ono m'tauni imatsekeka sefayo, nyali yochenjeza imayaka pa dashibodi, mphamvu ya injini n'kuchepa. Ambiri mwa magalimoto amenewa amafunanso madzi otchedwa AdBlue, ndipo madziwo akatha kapena kachipangizo kowayeza kakawonongeka, injini imakana kulira. Mnzanga wina anaimika galimoto yake yokongola pansi pa mtengo wa mango kwa milungu isanu ndi umodzi, itafundidwa lona, akudikira kachipangizo kotha kulowa m'thumba la malaya kuti kafike kuchokera kunja.

Mwina mungaganize zogula ya dizilo yakale yopanda zonsezi, koma imeneyo ili ndi mavuto ake awiri. Kwathu idzagwera m'gulu la msonkho wokwera, ndipo ngati mumagwira ntchito ku London, galimoto ya dizilo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6 imalipiritsidwa £12.50 tsiku lililonse limene mwayenda nayo m'dera lochepetsa utsi lotchedwa ULEZ, pamene ya petulo imangofunika kufika pa Euro 4.

Yang'ananinso kutalika kwa galimoto kuchokera pansi. Galimoto yotsika, ya matayala opyapyala pa marimu aakulu, imaoneka bwino pa msewu wa ku Manchester, koma pa mahampu a m'matauni athu ndi pa msewu wafumbi wopita kumudzi nthawi ya dzinja imakhula pansi ndi kuphwanya marimu. Tsegulaninso buti ndi kukweza kapeti. Magalimoto ambiri a ku Mangalande sabwera ndi tayala lapadera, mumangopeza kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu kamagetsi, zimene sizingakuthandizeni tayala likang'ambika pa dzenje pakati pa Kasungu ndi Jenda. Ngati mulibe, mudzagule tayala lathunthu, jeke ndi sipanala yake musanatumize.

Chachitatu: fufuzani mbiri yake, kenako gwadani muone pansi

Lembani nambala ya galimoto pa tsamba laulere la boma la gov.uk loonera mbiri ya MOT, komwe ndi kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pa msewu. Mudzaona mtunda umene galimoto inali itayenda chaka chilichonse ndi zolakwika zimene oyeza anapeza. Mtundawo uli m'mamailosi, choncho chulukitsani ndi 1.6 kuti mupeze makilomita: mamailosi 75,000 ndi makilomita pafupifupi 120,000. Ngati mtunda wa chaka china uli wochepa kuposa wa chaka cham'mbuyo mwake, isiyeni galimotoyo. Werengani mosamala ndemanga za oyeza, ndipo mukaona mawu akuti "corrosion" akubwerezedwa chaka ndi chaka, dziwani kuti dzimbiri lalowa. Ku Mangalande amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo mcherewo umadya chitsulo cha pansi pa galimoto, kunja kukuwala ngati yatsopano. Pitani ndi tochi, mugwade, muunike mapaipi a mabuleki, zitsulo zogwira mawilo akumbuyo ndi m'mbali mwa pansi pa zitseko. Dzimbiri lofiirira la pamwamba silidetsa nkhawa kwenikweni, koma pamene chitsulo chikusendeka ngati makungwa a mtengo kapena chikubooka mukachikanikiza ndi kiyi, misewu ya mabampu idzamaliza ntchitoyo pa chaka chimodzi.

Lipiraninso kafukufuku wa mbiri amene ambiri amamutcha HPI. Amaonetsa ngati galimotoyo ili ndi ngongole imene sinathe, ngati inabedwa, kapena ngati a inshuwalansi anailembapo kuti inawonongeka kwambiri. Ya Cat S inawonongeka mafupa ake enieni, ya Cat N inawonongeka zina zosakhudza mafupa, ndipo zonsezi zimagulitsidwa motchipa, koma ya Cat S sindingalangize munthu kupita nayo ku misewu yathu. Pomaliza, yerekezani nambala ya chasisi, imene imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, pa malo atatu: pansi pa galasi lakutsogolo, pa thupi la galimoto ndi pa chikalata cha V5C, chimene chili ngati bulu buku ya kwathu. Chilembo chimodzi chikasiyana, vuto lake lidzaonekera pa doko kapena kwa apolisi a kwathu, inu muli kutali ndi wogulitsayo.

Chachinayi: lipirani mwa njira imene ikupangitsani kukhala mwini weniweni

Ogulitsa magalimoto amakonda kukopa anthu ndi ngongole za PCP ndi HP, zolipira pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Pa ngongole zimenezi galimoto imakhala ya kampani yobwereketsa ndalama mpaka mutamaliza kulipira, ndipo pa PCP pamakhala ndalama yaikulu yomaliza imene ambiri amaiiwala. Dzina lanu limakhaladi pa V5C, koma chikalatacho chimangosonyeza amene akusunga galimoto, ndipo pamwamba pake palembedwa kuti si umboni wa umwini. Kutumiza kunja galimoto ya ngongole imene sinathe ndi kutenga katundu wa eni, ndipo makampani otumiza magalimoto amakana kuilandira. Palinso funso limene simungafune kuti lidzabuke pa kauntala ya MRA: ngati munamaliza ngongoleyo miyezi iwiri yapitayo, kodi galimotoyo yakhala yanu kwa miyezi 12? Njira yopanda chikayikiro ndi kulipira ndalama zonse, kapena kutenga ngongole wamba ku banki n'kugula nayo, chifukwa pamenepo galimoto ndi yanu kuyambira tsiku loyamba. Ngati muli kale pa HP kapena PCP, pemphani kampaniyo ikuuzeni ndalama yotsekera ngongole, mulipire padakali chaka chathunthu, ndipo musunge kalata yawo yotsimikiza kuti ngongole yatha.

Dzina la pa lisiti, pa V5C ndi pa inshuwalansi likhale lofanana ndendende ndi la pa pasipoti yanu. Musalembetse galimoto m'dzina la mnzanu pofuna inshuwalansi yotchipa, chifukwa mukatero miyezi yonseyo ikuwerengedwera iyeyo.

Kuyambira tsiku logula, khalani ndi fayilo imodzi. Muziikamo lisiti, umboni wa ku banki wa malipiro, zikalata za inshuwalansi za chaka chilichonse, mapepala a MOT ndi malisiti a ku galaja. Mapepala amenewa ndiwo amasonyeza kuti munkaigwiritsadi ntchito, popeza mtunda umaoneka ukukwera chaka ndi chaka. Galimoto imene munaigula n'kuiimika pa SORN, kutanthauza kuti munauza boma kuti siikuyenda pa msewu, idzakhala yovuta kuiikira umboni woti munkayendera. Onjezanimo kontirakiti ya ntchito, mapepala a malipiro ndi kalata yosiyira ntchito, zimene zidzasonyeze nthawi imene munakhala kunja ndi kuti mwabwereradi.

Chitsanzo chowerengera nthawi

Tiyerekeze kuti mayi wina amene amasamalira okalamba ku Leeds akufuna kubwerera kwawo ku Mzuzu mu Ogasiti 2027. Mu Malichi 2025 wapeza magalimoto awiri a petulo a mtundu umodzi: ina ya 2018 pa £9,000, ina ya 2020 pa £12,000. Pa tsiku logula ya 2018 ili ndi zaka 7, ndipo wina angamuuze kuti ili m'gulu labwino la msonkho. Koma ikamadzafika pa Songwe mu 2027 idzakhala ndi zaka 9, itadutsa malire a zaka 8, pamene ya 2020 idzakhala ndi zaka 7. Ngati mayiyu ali wotsimikiza kuti akubwerera kukakhazikika ndipo zikalata zake zili bwino, zakazo sizimukhudza kwenikweni, angathe kugula yotchipayo n'kusunga £3,000. Ngati pali mwayi woti viza yake idzawonjezedwa ndipo adzangotumiza galimoto kwa abale, afunse ejenti amuwerengere msonkho wa magalimoto onse awiri monga ngati ndi 2027, kenako ayerekeze kusiyana kwake ndi £3,000 ija.

Tiyerekezenso kuti mayiyu wazengereza mpaka wagula mu Novembala 2026. Pofika Ogasiti 2027 yangokwana miyezi 9, ndipo ngati galimoto inakwezedwa m'sitima mu Juni kuti adzaipeze itafika, anaiyendera miyezi 7 yokha. Pamenepo angasankhe kuchedwetsa ulendo wake kapena kulipira msonkho wonse. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti muwerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku limene mudzasiye galimoto ku doko, osati pa tsiku la ndege yanu, ndipo muwonjezepo miyezi iwiri kapena itatu yopumira.

Chachisanu: kutumiza

Yambani kufunsa mitengo kwa makampani atatu kapena anayi patatsala miyezi itatu. Njira zilipo ziwiri. Ya RoRo ndi imene galimoto imayendetsedwa kulowa m'sitima ngati m'galaja yaikulu; ndi yotchipa, koma galimoto iyenera kukhala yolira bwino, mafuta ochepa m'thanki, ndipo kawirikawiri salola katundu m'kati, chifukwa makiyi amakhala m'manja mwa anthu ambiri. Ya kontena ndi yodula, koma galimoto imatsekeredwa, ndipo ndi yabwino kwa amene akusamuka ndi katundu wa m'nyumba. Sitima zimanyamuka pa madoko monga Southampton ndi Tilbury, ndipo ulendo wapanyanja umatenga mwezi umodzi kapena kupitirira.

Magalimoto ambiri obwera kwathu amatsikira pa Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa kudzera ku Morogoro, Iringa ndi Uyole mpaka pa chipata cha Kasumulu, chomwe mbali yathu ndi Songwe m'boma la Karonga. Wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe njirayi imamuyenera. Ya Durban imalowera ku Mwanza kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, koma ku South Africa magalimoto ogwiritsidwapo ntchito ongodutsa amanyamulidwa pa lole, zimene zimawonjezera mtengo. Pofunsa mtengo, funsitsani ngati ukuthera pa doko kapena pa chipata cha dziko lathu, chifukwa ndalama za pa doko, za ejenti, za dalaivala ndi za mafuta zimakhala zapadera. Gulaninso inshuwalansi ya panyanja.

Chikalata cha sitima, chimene amachitcha B/L, muchiwerenge chisanasindikizidwe komaliza. Dzina la wolandira likhale lanu monga lilili pa pasipoti, nambala ya chasisi ikhale yolondola, ndipo palembedwe mawu akuti "In transit to Malawi", kuti a kasitomu a ku Tanzania adziwe kuti galimotoyo ikungodutsa. Kukonza cholakwika sitima itafika kumatenga masiku, ndipo masiku aulere a pa doko akatha, lendi yosungira imawerengedwa tsiku ndi tsiku m'madola. Pa chifukwa chomwechi, ejenti wanu alandire zikalata sitima isanafike.

Jambulani V5C yonse musanaing'ambe. Kenako dzazani chigawo cha "permanent export", muchidule ndi kuchitumiza ku ofesi yolembetsa magalimoto ya DVLA, Swansea, SA99 1BD, koma mbali yotsalayo musunge, chifukwa ndi imene idzafunike polembetsa kwathu. A DVLA adzakubwezerani msonkho wa pa msewu wa miyezi yathunthu yotsala. Sabata lomaliza pititsani galimoto ku sevisi, ndipo pa tsiku loisiya ku doko ijambuleni mbali zonse, m'kati, pa dashibodi pooneka mtunda ndi mu buti pooneka tayala ndi jeke. Kiyi wachiwiri mupite naye nokha pa ndege. Musaiwale kachitsulo komasulira manati okhoma a mawilo, kamene kamakonda kukhala m'kabokosi ka kutsogolo: kasiyeni m'galimoto ndipo muuze dalaivala pamene kali, chifukwa popanda iko tayala likaphulika pa msewu wa ku Iringa sangathe kulichotsa.

Chachisanu ndi chimodzi: pa Songwe ndi ku Road Traffic

Khalani ndi TPIN yanu ya MRA galimoto isanafike, ndipo gwiritsani ntchito ejenti amene ali ndi chiphaso cha MRA. Ngati mukupempha kukhululukidwa msonkho, perekani pempho lanu ndi fayilo ija msanga, kuti chilolezo chikhale chitatuluka galimoto ikamafika pa chipata, apo ayi idzakhala pamenepo ikudya ndalama zosungira. Ngati mukulipira, pemphani ejenti akupatseni pepala la MRA losonyeza msonkho umene wawerengedwa, ndipo ndalamazo zipite ku akaunti ya MRA kudzera ku banki, inu n'kusunga lisiti. Ejenti amene akukuuzani chiwerengero pakamwa pokha, kapena akulonjeza kutsitsa msonkho polemba chaka china kapena injini yocheperapo, akukuikani pa ngozi yodzalandidwa galimoto mtsogolo, popeza mlanduwo umagwera mwini dzina.

Galimoto ikatulutsidwa, ioneni poyerekeza ndi zithunzi zija musanasainire dalaivala kuti mwailandira, ndipo muone batire, tayala lapadera, jeke ndi mtunda umene wawonjezeka, umene kuchokera ku Dar es Salaam kufika pa Songwe uyenera kukhala pafupifupi makilomita 900 kapena kupitirira pang'ono. Gulani inshuwalansi ya kwathu musanauyambe wa ku Chiweta. Mukafika, pitani nayo kwa apolisi kuti atsimikize kuti si yobedwa, kenako ku Road Traffic ndi khadi lanu la MalTIS, zikalata za MRA ndi V5C ija, kuti akaiyeze, akupatseni COF, nambala ya Malawi ndi bulu buku m'dzina lanu.